Mabwalo Atatu, Zigawo Zisanu ndi Zitatu: Kudetsa ndi Kuwerengetsa pa Chojambula cha Venn

Chojambula cha Venn ndi mabwalo awiri kapena atatu olowana, ojambulidwa mkati mwa bokosi. Bwalo lililonse limaimira gulu la anthu kapena la zinthu, lomwe pa masamu limatchedwa seti. Bokosi limaimira onse amene funso likuwanena, a m'magulu ndi amene sali m'gulu lililonse omwe. Chojambulachi chimathandiza pa vuto limodzi lomwe limasokoneza anthu ambiri powerengetsa: munthu mmodzi atha kupezeka m'magulu awiri kapena atatu nthawi imodzi, ndipo amene angophatikiza maguluwo osayang'ana bwino amamuwerenga munthuyo kawiri kapena katatu.

Dzinali ndi la John Venn, katswiri wa ku Mangalande yemwe anabadwa mu 1834 ndi kumwalira mu 1923. Iye ankaphunzitsa ku yunivesite ya Cambridge, ndipo anafotokoza za mabwalo akewa mu 1880. Sanali woyamba kuimira magulu ndi mabwalo. Leonhard Euler wa ku Switzerland anali atachita kale zimenezi m'zaka za m'ma 1700. Kusiyana kwake ndi kwakuti Euler ankajambula magulu monga alili, olowana akalowana, otalikirana akatalikirana, pamene Venn ankati malo onse amene magulu angathe kukumana aoneke papepala, ngakhale atapezeka kuti mulibe kanthu. N'chifukwa chake mabwalo awiri a Venn amadula bokosi m'zigawo zinayi nthawi zonse, ndipo mabwalo atatu amalidula m'zigawo zisanu ndi zitatu. Luso lonse la mafunso amenewa lagona pa zigawozo: kudziwa kuti chigawo chilichonse chikuimira yani, kulembamo nambala yoyenera, ndi kudetsa zokhazo zimene funso lapempha.

Ku Malawi maseti ali pa masamu a ku sekondale, ndipo masiku ano funso limafika kwa ophunzira ambiri ngati chithunzi cha pa foni. Wina wajambula tsamba la buku, wina bolodi la m'kalasi, wina pepala la mayeso akale, n'kutumizira anzake kapena m'bale wake kuti amuthandize. Funso lotere liyenera kuwerengedwa mosamala kuposa la m'buku, pakuti kachizindikiro kamodzi kakasowa pachithunzi, yankho limasinthiratu. Za chithunzizo zibwera pambuyo. Choyamba ndi funso lenilenilo.

Funso la alimi 60

Funso lopeka loyenera kuphunzirirapo ndi ili. M'kalabu ya alimi muli anthu 60. Olima mtedza alipo 32, olima soya alipo 27, olima nandolo alipo 21. Olima mtedza ndi soya alipo 12, olima mtedza ndi nandolo alipo 9, olima soya ndi nandolo alipo 8, ndipo alimi 5 amalima mbewu zonse zitatu. Bwalo la mtedza litchedwe M, la soya S, la nandolo N.

Kungophatikiza 32, 27 ndi 21 kumapereka 80, chonsecho kalabu yonse ili ndi anthu 60. Palibe amene walakwitsa kalembera apa. Alimi ena angotchulidwa kangapo, ndipo ntchito ya chojambula ndi kuika mlimi aliyense pamalo amodzi okha.

Ndi bwino kuyamba ndi mabwalo awiri, nandolo atayamba wayikidwa pambali. Bwalo la M ndi la S akalowana, pakati pawo pamatsala kachigawo ka onse awiri. M'menemo mulembedwe 12. Olima mtedza ndi 32, koma 12 mwa iwo akhala kale pakatipo, choncho mbali yotsala ya bwalo la M ilandira 20. Mbali yotsala ya bwalo la S ilandira 15, chifukwa 27 kuchotsapo 12 ndi 15. M'mabwalo awiriwa muli anthu 47, ndiye kuti 13 ali kunja kwa mabwalo koma mkati mwa bokosi. Zigawo zinayi zakwana, ndipo 20, 12, 15 ndi 13 zikupanga 60. Cholakwa chofala pa siteji imeneyi ndi kulemba 32 m'mbali ya M ndi 27 m'mbali ya S. Nambala 32 ndi ya bwalo lonse, osati ya chigawo chimodzi. N'chifukwa chake aphunzitsi ambiri amaiika panja, pafupi ndi dzina la bwalo, kuti isasokonezeke ndi za mkati.

Bwalo lachitatu likabwera, limadula chilichonse mwa zigawo zinayi zija pawiri, olima nandolo mbali iyi, osalima nandolo mbali inayo. Umo ndi m'mene zigawo zimafikira zisanu ndi zitatu: chimodzi chapakati penipeni cha mbewu zonse zitatu, zitatu za mbewu ziwiriziwiri, zitatu za mbewu imodziimodzi, ndi chakunja cha osalima mbewu iliyonse mwa zitatuzi.

Kudzaza kumayambira pakati kupita kunja, ndipo dongosolo limeneli sililumphidwa. Chifukwa chake n'chakuti chigawo chapakati ndi chokhacho chimene funso lapereka nambala yake yosasakanizika ndi ina. Pakati palembedwe 5.

Tsopano pabwera malo amene ophunzira ambiri amapunthwa. Funso lati olima mtedza ndi soya alipo 12. Silinanene kuti amalima mbewu ziwirizi zokha. Mlimi wolima mtedza, soya ndi nandolo ndi wolima mtedza ndi soya ndithu, choncho alimi 5 apakati aja ali m'kati mwa 12 ameneyu. Malo olowana a M ndi S ali ndi zipinda ziwiri, chapakati chija ndi china chimene chili kunja kwa bwalo la nandolo. Chapakati chatenga kale 5, ndiye chinacho chilandira 7. Chimodzimodzi, olima mtedza ndi nandolo popanda soya ndi 9 kuchotsapo 5, kutsala 4, ndipo olima soya ndi nandolo popanda mtedza ndi 8 kuchotsapo 5, kutsala 3.

Zikatero bwalo lililonse limakhala ndi zigawo zitatu zodzaza ndi chimodzi chopanda kanthu. M'bwalo la mtedza muli kale 7, 4 ndi 5, pamodzi 16, ndipo popeza bwalo lonse ndi la anthu 32, olima mtedza wokha ndi 16. M'bwalo la soya muli 7, 3 ndi 5, pamodzi 15, kotero olima soya yekha ndi 12. M'bwalo la nandolo muli 4, 3 ndi 5, pamodzi 12, kotero olima nandolo yekha ndi 9. Zigawo zisanu ndi ziwiri za m'mabwalo zikaphatikizidwa zikupereka 56. Anthu 4 otsalawo salima mbewu iliyonse mwa zitatuzi, ndipo nambala yawo imalembedwa pakona ya bokosi. Nambala yapakonayi imaiwalika kawirikawiri, mwina chifukwa ilibe bwalo lake loikumbutsa.

Pali njira yachidule yotsimikizira 56 uja popanda kujambula. Chizindikiro n( ) chimatanthauza kuchuluka kwa anthu a m'gulu lomwe lalembedwa m'mabulaketimo:

n(M ∪ S ∪ N) = 32 + 27 + 21 − 12 − 9 − 8 + 5 = 56

Chimene chimadabwitsa ambiri pa mzerewu ndi 5 wophatikizidwa kumapetoyo. Mlimi wa mbewu zonse zitatu anawerengedwa katatu pophatikiza mabwalo atatu, kenaka anachotsedwa katatu pochotsa malo olowana atatu. Watsala wosawerengedwa n'komwe, ndiye ayenera kubwezeredwa kamodzi. Njirayi ndi yabwino potsimikizira, koma imapereka nambala imodzi yokha. Chojambula chodzaza bwino chimayankha funso lililonse lomwe lingafunsidwe pa alimiwa.

Nanga wina akalemba 12, 9 ndi 8 monga zilili m'zigawo za mbewu ziwiriziwiri, osachotsa 5, chimachitika n'chiyani? Olima mtedza wokha amatuluka 6, olima soya yekha amatuluka 2, ndipo pa nandolo masamu amakana: 9, 8 ndi 5 akupanga 22, pamene bwalo lonse ndi la anthu 21. Yankho likhala −1, ndipo kalabu siingakhale ndi alimi ochepera pa ziro. Nambala yotere ikatuluka m'chigawo, n'chizindikiro chodalirika chakuti penapake anthu awerengedwa kawiri, kapena nambala ina yakoperedwa molakwa. Tsoka lake n'lakuti si mafunso onse amene amaulula cholakwa chonchi. Nambala zikakhala zazikulu, wolakwa amapeza mayankho ooneka abwinobwino n'kupitirira osadziwa kanthu.

Pali mafunso ena amene amanena mosabisa kuti alimi 7 amalima mtedza ndi soya zokha. Apo palibe chochotsa, 7 amalowa m'chigawo chake mwachindunji. Kusiyana konse kuli pa liwu limodzi, "okha" kapena "zokha", ndipo pa mayeso, pomwe mafunso amabwera m'Chingerezi, liwu lakelo ndi la zilembo zinayi basi, losavuta kulilumpha pachithunzi chosaoneka bwino.

Kudetsa zigawo

Mbali yachiwiri ya mafunsowa imapempha kuti chigawo chakutichakuti chidetsedwe ndi pensulo, kapena imapereka chojambula chodetsedwa kale n'kufunsa dzina la chigawocho. Zizindikiro zofunika ndi zitatu. Chizindikiro ∪, yuniyoni, chimasonkhanitsa onse a m'gulu loyamba, a m'gulu lachiwiri ndi a m'magulu onse awiri. Chizindikiro ∩, intasekishoni, chimasankha okhawo amene ali m'magulu onse awiri. Pofuna kukumbukira, ∪ ali ngati kapu yoyang'ana kumwamba yolandira zonse zothiridwamo, pamene ∩ ali ngati kapu yovundikira yomwe yatsekera malo ochepa. Chachitatu ndi kamzere kakang'ono kolembedwa pamwamba kumanja kwa chilembo, monga M′, kotchedwa kompulimenti. Kameneka kamatanthauza onse a m'bokosi amene sali m'gululo. M′ ndi alimi onse osalima mtedza, ndipo popeza olima mtedza ndi 32, iwowa ndi 28, kuphatikizapo anthu 4 apakona aja.

Mawu akuti "kapena" pa maseti sachotsa munthu amene ali m'magulu onse awiri. Funso likati olima mtedza kapena soya, alimi 12 olima zonse ziwiri ali momwemo, ndipo yankho ndi 47. Pokambirana kunyumba, munthu akafunsidwa kuti adya nsima kapena mpunga amayembekezeka kusankha chimodzi, ndipo chizolowezi chimenechi chimapangitsa ena kusiya pakati posadetsa. Akatero amapeza 35, lomwe ndi yankho la funso lina.

Njira yodalirika yodetsera ndi ya mizere yopendekera mbali ziwiri. Tiyerekeze kuti funso lapempha M ∩ S′, olima mtedza koma osalima soya. Papepala loyeserera, bwalo lonse la M limajambulidwa mizere yopendekera kumanja. Kenaka malo onse a kunja kwa bwalo la S, mpaka m'makona a bokosi, amajambulidwa mizere yopendekera kumanzere. Popeza chizindikiro chapakati ndi ∩, yankho ndi malo okhawo amene mizere yapingasana. Malowo ndi zigawo ziwiri, cha mtedza wokha ndi cha mtedza ndi nandolo popanda soya. Nambala zake ndi 16 ndi 4, pamodzi 20, ndipo 20 ameneyu ndi yemwe uja anapezeka pa mabwalo awiri. Chigawo cha 4 ndicho chimasiyidwa kawirikawiri, chifukwa diso limaona kuti chili m'bwalo la nandolo n'kuchikayikira. Koma funso silinatchule nandolo, choncho kulima nandolo sikuchotsa munthu. Chizindikiro chikanakhala ∪, yankho likanakhala paliponse pamene pali mzere, wa mbali imodzi kapena wopingasana. Yankho likadziwika, limakoperedwa pachojambula choyera ndi mtundu umodzi wa mizere, kuti wochonga asafunse kuti chigawo chofunikacho ndi chiti.

Mabulaketi amasintha zinthu kwambiri, ndipo lamulo lake ndi lomwe lija la masamu ena onse: za m'mabulaketi zimayamba. Pa (M ∪ S)′ munthu amayamba wapeza onse a m'mabwalo a mtedza ndi soya, kenaka n'kudetsa zonse zotsala. Zotsalazo ndi chigawo cha nandolo yekha ndi chakunja, 9 ndi 4, pamodzi 13. Pa (M ∩ S)′ amayamba wapeza malo olowana, a anthu 12 aja, n'kudetsa kwina konse, ndipo yankho ndi 48. Malembedwe awiriwa akusiyana pa chizindikiro chimodzi, koma mayankho ake ndi 13 ndi 48.

Ophunzira ena amaganiza kuti kamzere ka kunja kwa mabulaketi kangagawidwe kwa zilembo zamkati chizindikiro chapakati chili chomwecho, ngati (M ∪ S)′ ndi chimodzimodzi M′ ∪ S′. Mizere yopendekera imatsutsa zimenezi msanga. Kunja kwa M kukajambulidwa mizere ya mbali imodzi, kunja kwa S ya mbali ina, malo opanda mzere uliwonse amatsala amodzi okha, olowana a M ndi S. Ndiye kuti M′ ∪ S′ ndi anthu 48, osati 13. Pamene mizere yapingasana ndi pomwe pali anthu 13 aja. Choncho kamzere kakalowa m'mabulaketi, chizindikiro chapakati chimatembenuka:

(M ∪ S)′ = M′ ∩ S′

(M ∩ S)′ = M′ ∪ S′

Awa amatchedwa malamulo a De Morgan, potengera dzina la Augustus De Morgan, katswiri wina wa masamu wa ku Britain wa m'zaka za m'ma 1800. Kuwaloweza pamtima si kolakwika, koma wodziwa kudetsa sawaiwala, chifukwa atha kuwapezanso pa kapepala nthawi iliyonse.

Mafunso ena sagwiritsa ntchito zizindikiro, amafunsa ndi mawu. Olima mbewu imodzi yokha ndi 16, 12 ndi 9, pamodzi 37. Olima mbewu ziwiri ndendende ndi 7, 4 ndi 3, pamodzi 14. Olima mbewu zosachepera ziwiri ndi 14 omwewo kuphatikizapo 5 apakati, pamodzi 19. Mawu akuti "ndendende" amatsekera chigawo chapakati kunja, pamene akuti "zosachepera" amachilowetsa. Apanso 37, 14, 5 ndi 4 ayenera kubwezera 60.

Zimene chithunzi cha pa foni chimawononga

Pa zizindikiro zonse za maseti, kamzere ka kompulimenti ndi kamene kamavutika kwambiri pachithunzi. Ndi kakang'ono, ndipo chithunzi chikatumizidwa pa WhatsApp mwa nthawi zonse chimachepetsedwa kuti chisadye bandulo yambiri, tinthu tating'ono n'kufufutika. Pabolodi, kadontho ka fumbi la choko katha kuoneka ngati kamzereko pamene palibe. Pa funso la alimi, (M ∪ S) ∩ N ndi olima nandolo amene amalimanso mtedza kapena soya, 4, 3 ndi 5, pamodzi 12. Koma (M ∪ S) ∩ N′ ndi olima mtedza kapena soya amene salima nandolo, 16, 7 ndi 12, pamodzi 35. Palibe masamu amene angauze munthu kuti wofunsa anafuna chiti mwa ziwirizi. Chithunzi chiyenera kukulitsidwa pamalo amenewo, ndipo chikakanabe kuoneka, wotumizayo ajambulenso ali pafupi, kapena atumize ngati dokyumenti kuti chisachepetsedwe.

Zolembedwa pamanja zili ndi msampha wake. Chizindikiro ∩ chimafanana ndi n wamng'ono wa kuchuluka kwa gulu, ndipo ∪ chimafanana ndi U wamkulu, yemwe mabuku ena amagwiritsa ntchito kuimira bokosi lonse, pamene ena amalemba ξ. Malo amene chizindikiro chaima ndiwo amathandiza. ∪ ndi ∩ amakhala pakati pa magulu awiri nthawi zonse, n amakhala kutsogolo kwa bulaketi, ndipo U woimira bokosi amapezeka pakona ya bokosilo kapena m'mawu ngati n(U) = 60.

Funso likakhala la chojambula chodetsedwa kale, mdani wamkulu ndi mthunzi. Foni ndi dzanja la wojambula zimatchinga kuwala, mbali ina ya pepala n'kuda ngati yadetsedwa. Mbali inanso, kudetsa kopepuka kwa pa fotokope kumayera kukawombedwa ndi kuwala kwa foni. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta kwa woyang'anitsitsa: kudetsa kwenikweni kumathera pa mzere wa bwalo ndendende, pamene mthunzi umadutsa mizere osailabadira ndipo m'mphepete mwake simukuthwa. Chigawo chimene chaoneka chakuda theka lokha ndi chokayikitsa, pakuti pa chojambula cha Venn chigawo chimadetsedwa chonse kapena kusiyidwa chonse.

Palinso kudula. Wojambula amalunjika pa mabwalo chifukwa ndiwo akuoneka ofunika, ndipo kona ya bokosi, momwe mumakhala nambala ya akunja ndi dzina la bokosi, imatsala kunja kwa chithunzi. Buku likakhala lochindikala, mawu oyandikira pakati pomwe masamba amangidwira amapindika, ndipo mzere wa funso utha kutaya liwu lomalizira. Pa zifukwa zonsezi, wanzeru sayankhira pafoni pomwepo. Amayamba wakopera funso lonse papepala, nambala iliyonse ndi chizindikiro chilichonse, n'kujambula yekha mabwalo akuluakulu okhala ndi malo olembamo. Pokopera m'pamene zosowa zimaonekera.

Nambala yosowa

Nthawi zina nambala yosaoneka itha kupezedwa kuchokera ku zinzake. Tiyerekeze kuti pachithunzi cha funso la alimi kuwala kwaphimba nambala ya olima mbewu zonse zitatu, koma chiganizo chakuti alimi 4 salima mbewu iliyonse mwa izi chikuwerengeka. Pakati palembedwe x. Zigawo za mbewu ziwiriziwiri zikhala 12 − x, 9 − x ndi 8 − x. Olima mtedza wokha apezeka pochotsa zigawo zitatu za m'bwalo la M pa 32:

32 − (12 − x) − (9 − x) − x = 11 + x

Apa mabulaketi ndi ofunika, chifukwa kuchotsa 12 − x ndi kuchotsa 12 n'kubwezera x. Oiwala zimenezi amapeza 11 − 3x n'kusochera. Mwa njira yomweyo, olima soya yekha ndi 7 + x, ndipo olima nandolo yekha ndi 4 + x. Zigawo zonse zisanu ndi zitatu ziyenera kupanga 60. Za mbewu imodziimodzi zikupereka 22 + 3x, za mbewu ziwiriziwiri 29 − 3x, chapakati x, chakunja 4. Pophatikiza, 3x ndi −3x zimathana, kutsala 55 + x = 60, ndipo x ndi 5. Umu ndi m'mene mafunso ambiri a mayeso amabwerera ngakhale pepala lili loyera bwino: amabisa dala nambala yapakati n'kupereka yakunja.

Njirayi ili ndi malire. Ngati nambala yapakati ndi yakunja zonse zasowa, funso lilibe yankho limodzi. Akunja amangodziwika kuti ndi 9 − x. Popeza chigawo cha soya ndi nandolo ndi 8 − x, x sangapose 8, ndipo sangachepere ziro. Nambala iliyonse kuyambira 0 mpaka 8 ikukwana popanda kuswa lamulo lililonse, akunja n'kumasintha kuyambira 9 kutsika mpaka 1. Mayankho otheka ndi 9, ndipo kusankhapo limodzi ndi kulota chabe. Nambala imodzi yosowa imabwezeka, koma ziwiri zotere zimafuna chithunzi china.

Choopsa kwambiri ndi nambala yowerengeka molakwa, chifukwa siidziulula. Pamanja 7 ndi 1 amafanana, makamaka chithunzi chikagwedezeka. Wina akawerenga olima soya ngati 21 m'malo mwa 27, olima soya yekha amatuluka 6, a m'mabwalo onse 50, akunja 10. Palibe nambala yochepera ziro, zonse zikupanga 60, ndipo chojambula chikuoneka chokhoza. Cholakwacho chingagwidwe pokhapokha funso litapereka nambala ina yoyerekezera, monga akunja 4 aja, kapena munthu atabwerera ku chithunzi n'kufananitsa 7 ameneyu ndi ma 7 ndi ma 1 ena olembedwa ndi dzanja lomwelo. Kuphatikiza zigawo n'kupeza 60 kumatsimikizira kuti kuchotsera kwayenda bwino, koma sikutsimikizira kuti zokopera zinali zoona, makamaka pamene nambala yakunja yapezeka pochotsa pa 60 yemweyo. Kutsimikizira kokwanira ndi kubwerera ku chiganizo chilichonse cha funso n'kuchiyesa pachojambula: kodi bwalo la M likupanga 32, kodi malo olowana a M ndi S akupanga 12, mpaka ziganizo zonse zitatha.

Mafunso a ku sekondale amalekezera pa magulu atatu, ndipo pali chifukwa chake. Gulu lililonse lowonjezera limachulukitsa zigawo kawiri, kotero magulu anayi amafuna zigawo 16. Mabwalo anayi ozungulira bwino, ngakhale atasanjidwa mwaluso lotani, sangadule pepala m'zigawo zoposa 14, kuwerengera ndi chakunja. Zithunzi zambiri zokongola za mabwalo anayi olowana ngati duwa zimasowa zigawo ziwiri, za magulu oyang'anizana amene akumana popanda enawo, choncho si zojambula za Venn zenizeni. Venn mwiniwake anathetsa vutoli pojambula magulu anayi ndi mabwalo otalika mbali imodzi, otchedwa maelipisi, omwe amapereka zigawo zonse 16.